Galimoto ya pa chithunzi ija si yanga

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ine ndili bwino, kaya inu ku Bangulako. Agogo muwapatse moni, muwauze kuti chifuwa chija chinatha. Ndalandira malipiro dzulo, koma sinditumiza kanthu mpaka ndimve komwe kunapita R3,000 ya malata, imene ndinatumiza pa Mukuru miyezi iwiri yotsatizana. Mlongo wanga wandiuza pa foni kuti denga likadali la udzu ndi pepala lapulasitiki lomwe lija tinafolera nyumba itagwa ndi namondwe Freddy mu 2023. Akuti achimwene ali ku Blantyre, akuphunzira kuyendetsa galimoto. Ndi ndalama yanji? Kodi akufuna kudzayendetsa galimoto iti?

Ndikudziwa iti. Bambo, mundikhululukire, galimoto yoyera ya pa chithunzi ija si yanga. Si ya bwana wanganso. Pamalo pamene ndinaima paja panalibe galimoto ngakhale imodzi, panali wilibala ya zinyalala. Ndinajambulitsa pa geti ya kuntchito, kenako ndinapita kwa mnyamata wina wa kompyuta kuno ku Joni, ndi kumupatsa R50. Iye anafufuta wilibala, nadula galimoto pa chithunzi cha otsatsa malonda, naimata pambali panga. Sizinathe ndi mphindi khumi zomwe. Ndinkangofuna kuti anzanga a pa msika aleke kunena kuti ndinapita kukatola zitini.

Chitengeni chithunzicho, ndamva munachitsukitsa n'kuchipachika pabalaza. Yang'anani pansi. Ndinajambulitsa m'mawa, ndiye chithunzithunzi changa chagwera kumanzere, chachitali. Cha galimoto chili pansi pake penipeni ngati masana. Dzuwa limodzi silichita zimenezo. Matayala akuwala ngati anyambitidwa, chonsecho nsapato zanga zili mbuu ndi fumbi. Nambala palibe, pamene galimoto za kuno ku Gauteng zimathera ndi zilembo GP. Ndiye muonetsetse pa galasi lakutsogolo: chiwongolero chili kumanzere. Kuno amayendetsa monga kwathu, chiwongolero kumanja. Achimwene amene akuphunzira zoyendetsawo sanachione chimenechi? Nalonso dzanja langa, limene likuoneka ngati ndatsamira chitseko, zala ziwiri zalowa m'chitsulo. Pamenepo ndinagwira mpini wa fosholo.

Mayi, mbuzi yaikazi ija musagulitse. Ndamva kuti amalume akuifuna.

Ndikuuzeni za ndalama mmene zilili, poti chithunzi chakunamizani. Ndimalandira R4,500 pamwezi, ntchito yosamalira maluwa ndi kutchetcha kapinga. Kachipinda ka malata kamene ndimagona ndi mnzanga wa ku Ngabu, gawo langa ndi R900. Minibasi imadya R800. Ufa, ndiwo, sopo ndi magetsi, R1,000 siikwana bwino. Mukachotsa R1,500 imene ndimatumiza, muwerenge nokha chotsala. Mwezi umene ndinadwala uja ndinachita kukongola. Munthu wotere angagule galimoto? Ngakhale tayala limodzi.

Koma taonani chimene R50 yandigulira. Azakhali a ku Nchalo akufuna fizi ya ana awiri. A kumpingo andilemba pa mndandanda wa ogula simenti. Choopsa ndi cha kwa apongozi: tinagwirizana malowolo a ng'ombe ziwiri, lero akuti zinayi, poti mkamwini ali ndi galimoto. Bambo, mupiteko nokha Loweruka, musatume munthu. Mutenge chithunzicho, muwaonetse chiwongolero ndi zala zija. Aseke mmene angasekere, bola tibwerere pa ziwiri. Mwana wawoyo ndamuuza kale, anakhala chete kenako anadula foni.

Tibwerere ku malata. Ngati achimwene analipira yonse kusukulu yoyendetsako, amalize, laisensi siwola, koma abweze pang'onopang'ono akagulitsa thonje. Ngati ina yatsala, ichoke m'manja mwawo lero, aisunge Mayi. Ndikufuna lisiti, mlongo wanga alijambule anditumizire, ndipo lijambulidwe lonse, osati theka. Inde ndikudziwa, wonama pa chithunzi ndine, koma thukuta la ndalamayo linali lenileni. Mvula ikayamba mu Novembala denga lija silipirira, ndipo agogo ndi amene amagona mbali yodontha.

Kudimba munabzala chimanga madzi ataphwa? Mbewu ya mapira musadye, muisunge m'chigubu chotseka. Kuno kukuzizira moti ndimalakalaka kutentha kwa kwathu kuja, kogona panja pa mkeka. Ndiwo ndi nkhuku za m'firiji zosakoma. Wina akamabwera kuno mumupatsire milamba yowamba, ngakhale isanu.

Mu Disembala ndibwera pa basi, kudzera pa Mwanza. Pa Bangula adzandichingamire ndi njinga, ndidzakhala ndi zikwama ziwiri. Malo amene achimwene analambula kuseri kwa nyumba kuti pazikhala galimoto, mumangepo khola la mbuzi.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni