Lipoti la msonkhano wa othamanga a zaka zoposa 50

A Wapampando ndi mamembala nonse, nazi zomwe ndakutengerani ku msonkhano womwe munandituma ku Blantyre.

Mfundo yomwe inavuta kulowa m'mitu mwathu ndi yakuti munthu akadutsa zaka 50 asayambe ndi kusiya liwiro. Ambirife tikaona kuti thupi likulemera timasiya kuthamanga mothithimuka, n'kumangokoka makilomita ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi anati potero timataya chofunika n'kusunga chotipweteka. Mphamvu ya mtima ndi mapapo imatsika msanga ngati sitiikankha, pomwe minofu ndi mitsempha, makamaka mtsempha wa kuchidendene, imachedwa kuchira kusiyana ndi kale. Choncho chochepetsa ndi makilomita, chowonjezera ndi masiku opuma.

Tinatenga chitsanzo cha bambo wa zaka 56 amene amathamanga makilomita 50 pa sabata, masiku asanu ndi limodzi, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka chidendene chitauma. Tinamutsitsira pa makilomita 40 m'masiku anayi. Lolemba 10, mosathamangira, mwakuti akhoza kucheza ndi mnzake popanda wefuwefu. Lachitatu 8, ndipo ndilo tsiku lokhalo la liwiro: atenthetse thupi mphindi 15, kenako athamange mwamphamvu mphindi zitatu kasanu, akupumira pakati mphindi ziwiri mothamanga pang'onopang'ono. Lachisanu 6 yopepuka, Loweruka 16. Onani kuti kuchokera Lachitatu kufika Loweruka pali masiku atatu. Mnyamata amachira m'masiku awiri, koma ife awiriwo nthawi zambiri satikwanira. Lachiwiri ndi Lachinayi apalase njinga kapena alimbitse akatumba pokwera ndi kutsika ndi zala zakuphazi m'mphepete mwa sitepe. Sabata yachinayi iliyonse atsike kufika pa makilomita 30, ndipo chidendene chikasiya kuvuta aziwonjezera osapitirira makilomita anayi pa sabata.

Kodi mungadziwe bwanji kuti thupi silinachire? Werengani kugunda kwa mtima musanadzuke pabedi. Ngati masiku onse kumakhala 58 pa mphindi koma kwafika 66 masiku awiri otsatizana, liwiro la tsikulo lisiyeni. Kuuma kwa chidendene komwe sikutha mukayenda pang'ono kukutanthauza zomwezo. Ndiwonjezere zanga: kutentha kwa Okutobala kumakwezanso mtima, choncho amene timathamanga dzuwa litakwera tisamadzikakamize kusunga liwiro la mu Juni.

Tinatsutsana pa njira yochotsa zaka zako pa 220 kuti upeze malire a kugunda kwa mtima. Bambo uja imamupatsa 164, koma anthu a msinkhu umodzi amasiyana kwambiri, ndipo mankhwala ena a BP amachedwetsa mtima. Ine ndikuona kuti kuyesa kuyankhula uku ukuthamanga n'kodalirika kuposa wotchi yowerenga kugunda kwa mtima. Koma chifuwa chikathina, kapena mukamva chizungulire, imani pomwepo mupite kuchipatala.

Ndikupempha komiti isinthe ndandanda yathu, chifukwa panopa timakwera phiri Lachinayi n'kuthamanga mtunda wautali Loweruka. Gulu la achikulire lizikwera Lachitatu.