Msonkho anandidula, koma masatifiketi ake mulibe m'fayilo

Okondedwa Alangizi,

Ndikupempha kuti mundiunikire pa nkhani ya msonkho umene makasitomala amadula asanatilipire. Ndili ndi kampani yaing'ono muno mu Lusaka, ndipo timagwira ntchito za kontirakiti zojambula mapulani a nyumba ndi kuyang'anira zomanga. Popeza malipiro athu amawerengedwa ngati a upangiri, kasitomala aliyense amadula 15 peresenti n'kuipereka ku ZRA, bungwe la boma lotolera msonkho, m'dzina lathu, ndipo ife timachotsera ndalamayo pa msonkho wa pachaka.

Chaka chatha tinalemba mainvoisi a upangiri okwana K420,000, ndipo anatidula K63,000. Akauntanti wathu atayamba kukonza fomu ya msonkho wa pachaka, imene iyenera kuperekedwa pofika pa 21 Juni, anapeza kuti m'fayilo muli masatifiketi otsimikizira msonkho wodulidwa wa K27,000 yokha. Atayang'ana pa TaxOnline, tsamba la ZRA la pa intaneti, anapezanso ndalama yomweyo, kutanthauza kuti K36,000 sikuoneka paliponse pa TPIN ya kampani yathu. Msonkho wathu, pa mlingo wa 30 peresenti wa phindu la K250,000, ndi K75,000. Zonse zimene anatidula zitawerengedwa, tingatsale ndi K12,000 yoti tilipire, koma momwe zilili pano tiyenera kulipira K48,000, ndalama imene kwa kampani ngati yathu ndi malipiro a anyamata onse a mwezi wathunthu.

Ndalama yosowayi ili kwa makasitomala awiri, ndipo mavuto awo ndi osiyana. Woyamba anatidula K24,000 pa invoisi ya K160,000. Ameneyu anaperekadi msonkho, ndipo satifiketi anatitumizira titamufunsa, koma poiwerenga tinaona kuti pali dzina langa ndi TPIN yanga ya munthu payekha, osati ya kampani. Zikuoneka kuti kalaliki wawo anatenga nambalayo pa mapepala akale, a nthawi imene ndinkagwira ntchito ndekha kampani isanalembetsedwe. Iwo akuti mbali yawo anaimaliza, pakuti ndalama inafika ku boma. Akauntanti wathu akuti munthu ndi kampani yake ndi okhoma msonkho awiri osiyana pamaso pa lamulo, choncho satifiketi ya dzina langa singachepetse msonkho wa kampani pokhapokha kasitomalayo atakonza fomu yake ya mwezi umenewo.

Wachiwiri ndiye akundisowetsa tulo. Pa invoisi ya K80,000 analowetsa K68,000 ku banki, ndipo pa kapepala kofotokoza malipirowo analemba bwinobwino kuti K12,000 ndi msonkho wodulidwa. Ntchitoyi anailipira mu Ogasiti, choncho msonkhowo unayenera kufika ku ZRA pofika pa 14 Seputembala. Mpaka lero palibe satifiketi. Ndikapita ku ofesi yawo, mayi wa ku maakaunti amatsegula kabati, amatembenuza mapepala pang'ono, kenaka amati amene ankasunga zimenezi anasiya ntchito ndipo ndibwerenso mlungu wamawa. Sindikufuna kuwanamizira, koma munthu amene anapereka msonkho savutika kutulutsa umboni wake, ndipo ndikukayikira kuti ndalamayo sinachoke m'manja mwawo. Chovuta n'chakuti kasitomala yemweyu ndi amene watilonjeza ntchito ina yaikulu, ndiye kumukakamiza kwambiri kuli ngati kutema nthambi imene wakhalapo.

Chimene ndikufuna kudziwa choyamba ndi ichi: kodi invoisi, kontirakiti, sitetimenti ya ku banki yoonetsa K68,000 ndi kapepala kawo ka malipiro zingakwanire kukhala umboni woti ndichotsere K12,000 pa msonkho, satifiketi palibe? Ngati zitapezeka kuti sanapereke, kodi ngongoleyo pamodzi ndi chindapusa chake imagwera iwo amene anadula, kapena ine ndiyenera kulipira kachiwiri n'kumawalonjerera ndekha? Ndipo kodi ndi bwino kuti ndiyambe ndawalembera kalata yowapatsa tsiku, kapena ndikadziwitse ZRA nthawi yomweyo?

Pa nkhani ya TPIN yolakwika, ndifotokozereni ngati pali chimene ine ndingachite ndekha kuti K24,000 isamutsidwe kuchoka pa dzina langa kupita pa kampani, kapena ngati njira ndi imodzi yokha yoti kasitomala akonze fomu yake.

Tsiku lomaliza likafika zinthu zisanalongosoke, akauntanti akuti tilembe K27,000 yokha, tilipire K48,000, ndiyeno tidzakonze fomu masatifiketi akadzapezeka. Ine ndikuona kuti n'kupereka ndalama imene ndinapereka kale, koma ndikuopanso kulemba K63,000 yonse n'kupezeka ndi ngongole pa akaunti yathu, chifukwa ngongole ikaoneka sitingalandire satifiketi yosonyeza kuti za msonkho zathu zili bwino, ndipo popanda imeneyo sitingapikisane nawo pofuna makontirakiti a ntchito. Mwa njira ziwirizi, kodi ndi iti imene mungandilangize kutsata?

Ine wanu,
Kontirakitala wa ku Chilenje, Lusaka