Lipoti la msonkhano: kupeza zikalata potsata tanthauzo

A Tcheyamani ndi mamembala nonse, zikomo pondituma. Zokamba za tsiku loyamba, zokhudza malamulo osungira mafayilo, n'zomwe tikuzidziwa kale. Ndalama ya ulendo, imene ena anaidandaula, inapindula pa phunziro la maembedingi.

Nkhani yake ili motere. Kompyuta imapereka chiganizo kwa modelo yomwe inaphunzitsidwa pa zolemba zambirimbiri, ndipo modeloyo imabweza mndandanda wa manambala wotchedwa vekita kapena embedingi. Yomwe anationetsa, all-MiniLM-L6-v2, imatulutsa manambala 384 pa chiganizo chilichonse. Ziganizo zokamba nkhani imodzi zimapeza mavekita oloza mbali imodzi, ngakhale mawu ake atasiyana kotheratu.

Mphunzitsi anachepetsa manambalawo kukhala awiri okha kuti tiwerengetse ndi pensulo. Funso lakuti "malipiro achedwa" analipatsa (3, 4). Kalata yonena kuti "sitinalandire ndalama za mwezi watha" inali (4, 3), ya "denga likudontha" (4, -3). Kuyandikana kwake amayeza ndi kosaini: mumachulukitsa manambala oyang'anizana, n'kuphatikiza, kenako n'kugawa ndi zomwe mwapeza pochulukitsa utali wa mavekita awiriwo, womwe pano ndi 5 uliwonse.

```
(3×4 + 4×3) / (5×5) = 0.96
(3×4 + 4×-3) / (5×5) = 0
```

Yankho likamayandikira 1, nkhani zikufanana. Kalata ya ndalama ija yatulukira pamwamba popanda liwu ngakhale limodzi lofanana ndi funso. Ndinakumbukira madandaulo a mamembala amene timawasakasaka osawapeza, chifukwa aliyense analemba m'mawu akeake.

Koma njirayi ili ndi pomwe imapunthwa. "Ndalandira" ndi "sindinalandire" zimatha kuyandikana kwambiri, popeza mutu wake ndi umodzi. Nambala ya fayilo kapena dzina la munthu imazisokoneza ndi zina zofanana nazo; pamenepo njira yakale yofananitsa mawu, BM25, ndiyo imagwira bwino. Komanso chikalata chachitali muyenera kuchiduladula m'ndime, chifukwa modelo ija imangowerenga tizidutswa ta mawu 256 toyambirira, zotsalazo n'kuzisiya osakuuzani. Mukaona kuti zomwe zili kumapeto kwa malipoti sizikupezeka, yambani mwayang'ana pamenepo.

Msonkhano unagwirizana zolimbikitsa mabungwe kusamukira ku njirayi msanga. Ine sindinakweze dzanja. Modelo anationetsayo inaphunzira Chingelezi, pomwe makalata athu ambiri ndi a Chichewa. Ndikupempha tiyambe talemba mafunso 50 omwe mayankho ake tikuwadziwa, tione kuti ndi angati amene kalata yoyenera ikupezeka m'zisanu zoyambirira, tiyerekeze ndi BM25. Tisankhe mosamala, chifukwa tikadzasintha modelo, mavekita onse ayenera kupangidwanso. Mavekita a mamodelo awiri osiyana sayerekezeka.

Ndipo zonsezi sizingayambe makalata akadali m'makatoni. Pempho la sikana lija komiti sinaliyankhebe, ndipo amene analonjeza kutayipa makalata akale sanabweretse tsamba ngakhale limodzi. Ndikupempha nkhaniyi ikhale yoyamba pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu.