Lipoti la msonkhano wokonza webusayiti ya malonda a zokolola zathu

A wapampando, a komiti ndi mamembala anzanga, msonkhano umene munanditumako unali wa masiku awiri, ndipo unasonkhanitsa magulu ogulitsa zokolola kunja. Ndabwerako ndi mfundo imodzi yaikulu: tisalembe pa webusayiti chinthu chimene sitingathe kuchikweza m'kontena pa tsiku limene talonjeza.

Aliyense anapemphedwa kulemba tsamba la mbewu imodzi. Ine ndinalemba kuti, "Mtedza wabwino kwambiri, matani 60." Mayi amene amatiphunzitsa, yemwe wakhala zaka zambiri akugulira makampani mbewu, anaika chala pa 60 uja n'kundifunsa kuti, "Bambo, ameneyu ndi wosenda kapena wamakoko?" Ndinayankha kuti wamakoko. Anandipatsa cholembera kuti tiwerengere limodzi. Mtedza ukaswedwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake limapita ndi makoko, ndiye pa matani 60 patsala 40. Tikasankha n'kuchotsa wonyala, wosweka ndi wachuku, tinene kuti patsala 36. Kontena ya mafiti 20 imanyamula matani pafupifupi 18 a mtedza wosenda. Choncho katundu wathu weniweni ndi makontena awiri, pamene wogula wowerenga 60 uja akanayembekezera atatu n'kupitirira.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa mbewu iliyonse tizilemba manambala atatu osiyana: zimene zili m'nyumba yosungiramo katundu panopa, pamodzi ndi tsiku limene tinayeza; zimene tikuyembekezera pa kukolola kukubweraku, zolembedwa poyera kuti n'zongoyerekezera; ndi matani amene tingathe kuswa ndi kusankha pa mwezi. Nambala yachitatuyi ndi imene ine sindinaiganizirepo, koma ndi imene imauza wogula tsiku limene katundu anganyamuke.

Mawu oti "wabwino kwambiri" nawonso anawafufuta. Wogula amafuna kudziwa mtundu wa mbewu, chaka chokolola, chinyontho chake, kulemera kwa thumba, ndi kukula kwa njere. Pa mtedza amalemba ngati 40/50, kutanthauza njere 40 mpaka 50 pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 28. Tiikenso nambala imene a kasitomu amaudziwira nayo mtedza wosenda, 1202.42. Zithunzi zikhale za katundu wathu yemwe.

Pa ziphaso m'pamene tinakhalitsa, chifukwa ambiri tinkazisakaniza. Pali ziphaso za munda kapena fakitale, monga GLOBALG.A.P., chimene chimagwira ntchito chaka chimodzi ndipo chimakhala ndi nambala ya manambala 13 yotchedwa GGN, yomwe wogula angathe kuifufuza yekha. Zoterezi tikazipeza tizilemba nambala, mbewu imene chiphasocho chikukhudza, ndi tsiku limene chithere. Koma chiphaso chotsimikizira kuti mbewu ilibe tizilombo ndi matenda chimaperekedwa pa katundu aliyense amene akutumizidwa, akaunikidwa. Sitinganene kuti tili nacho kale. Tingolemba kuti chimatsagana ndi katundu. Chimodzimodzi zotsatira za kulabotale za aflatokisini, poizoni wochokera ku chuku. Mayiko a m'bungwe la EU salola kupitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu pa mtedza wopita kukadyedwa mwachindunji, ndipo pepala la mulu wa chaka chatha silinena kanthu za mulu wa chaka chino. Ifeyo tilibe GLOBALG.A.P., ndiye chizindikiro chake chisaoneke pa tsamba lathu ngakhale chitakongoletsa bwanji.

Fomu yofunsira katundu ikhale yaifupi: dzina la kampani, dziko ndi doko lofikira, mbewu, matani, mwezi umene akuufuna, ziphaso zimene akufuna, komanso ngati akufuna mtengo wa FCA, FOB kapena CIF, chifukwa zilembo zimenezi ndi zimene zimanena amene alipire ulendo ndi pamene udindo wathu ukuthera. Mtengo tisaulembe pa tsamba, umasinthasintha. M'munsi mwa fomu tifotokoze zotsatira zake: tiyankha m'masiku awiri ogwira ntchito, titumiza mtengo wokhala ndi tsiku lothera, kenako sampulo, kenako mgwirizano. Wina mwa nthumwi anatisimbira za "wogula" amene sanafunseko za chinyontho kapena sampulo, koma anafulumira kupempha ndalama yolembetsera kampani m'kaundula wake. Analipira, ndipo munthuyo sanamvekenso.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu tisankhe munthu mmodzi wowerenga mafomu tsiku ndi tsiku, ndi wina womugwirizira akachokapo. A kosungira katundu abwere ndi kulemera kwa mtedza umene waswedwa kale ndi tsiku limene anauyeza, kuti tsamba loyamba tililembe tonse tili pomwepo.