Kwa akuluakulu a kampani ya ndege imene inagoneka mayi anga pa benchi: bwezani ndalama zanga

Akuluakulu, ndakulemberani makalata atatu pa imelo, ndipo chimene mwandiyankha ndi vocha ya mapaundi 75 yoti ndidzagulire tikiti ina kwa inu nomwe. Ndiye lero ndabwera pano poyera kuti anthu amene mumawanyamula amve okha.

Mwezi wathawu, chapakati pa sabata, ndinkaperekeza mayi anga kubwerera kumudzi atatha miyezi ingapo akucheza nafe kuno ku Mangalande. Tikiti inali imodzi, kuchokera ku London mpaka pa Kamuzu International Airport ku Lilongwe, kusintha ndege kamodzi panjira. Mayi ali ndi zaka 71 ndipo amabaya jakisoni wa matenda a shuga. Tinakwera cha kumadzulo, zitseko zinatsekedwa, ndege inabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako inaima. Patapita nthawi woyendetsa analengeza kuti chipangizo china chikuonetsa vuto ndipo amakaniko akubwera. Tinakhala m'menemo maola anayi ndi mphindi 40. Masiku andisokonekera chifukwa cha kusagona, koma maola amenewo ndinkawawerenga pa foni.

Ine si mwana, ndikudziwa chifukwa chake simuthamangira kutsitsa anthu. Ndege ikachoka pa geti, kuti anthu atsike pamafunika malo oimikapo, makwerero, mabasi, ndipo wina akati sakupitanso, chikwama chake chiyenera kufufuzidwa pansi ndi kutulutsidwa. Mumaopanso kutaya nthawi yanu yonyamukira imene oyang'anira mlengalenga anakupatsani, pomwe maola amene lamulo limalola oyendetsa kugwira ntchito akungotha. Zonsezo ndikuzimva. Chimene sindikumva ndi chakuti m'maola onsewo munatipatsa kapu imodzi ya madzi, mpweya wozizira unkazimazima, ndipo ola lathunthu linkadutsa popanda wotiuza kanthu. Nditapempha kachakudya koti mayi adye atabaya jakisoni, anandiuza kuti chakudya chimatsegulidwa ndege ikakhala m'mwamba. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa mpando wakutsogolo amene anali ndi mabisiketi a mwana wake.

Ku America lamulo lawo limanena mosabisa: pasanathe maola awiri anthu ali m'ndege yoima pansi apatsidwe madzi ndi chakudya, zimbudzi zikhale zikugwira ntchito, ndipo pasanathe maola atatu pa ulendo wa m'dziko momwemo, kapena anayi pa ulendo wakunja, apatsidwe mwayi wotsika. Kuno ku Britain kulibe malire a maola otere, izo ndikuvomera. Koma lamulo la UK261 lilipo, ndipo limagwira ndege iliyonse yonyamuka pa bwalo la ku Britain, kaya kampaniyo ndi ya dziko liti. Pa ulendo woposa makilomita 3,500, kuchedwa kukafika maola anayi, muyenera kupereka chakudya ndi zakumwa komanso mwayi woimba foni kawiri, ndiponso kupatsa munthu aliyense pepala lofotokoza ufulu wake. Pepala limenelo ine sindinalione, ngakhale limodzi.

Tinanyamuka usiku. Patangopita maola ngati atatu, vuto lija linabwereranso ndipo woyendetsa anati tikatera pa bwalo lina la kumwera kwa Ulaya. Pamenepo sindikudandaula, ndipo woyendetsa ameneyo ndikumuthokoza, chifukwa palibe amene amafuna kuwoloka chipululu cha Sahara usiku ndi ndege yodwala. Koma titatera tinakhalanso m'ndege maola awiri. Bwalolo si lanu, munalibe antchito anu pamenepo, ndiye panafunika kudzutsa kampani ina yoti ibweretse makwerero ndi mabasi, komanso kudikira apolisi a m'malire. Pofika nthawi imeneyo maola a oyendetsa anali atatha, kutanthauza kuti ngakhale ndegeyo ikanakonzeka pompo, panalibe woti aiyendetse.

Apa ndiye pali nkhani imene yandilembetsa zonsezi. Cha kum'bandakucha kunabwera bambo wina atavala baji ya kampani yanu, ndipo anayamba kugawa anthu: a mapasipoti a ku Britain ndi a ku Ulaya mbali iyi, akukwera basi kupita ku hotela. Ife a mapasipoti a ku Malawi ndi ena a maiko a kwathu ku Africa, tinalibe viza ya Schengen yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo chilolezo changa chokhalira ku Britain sichitsegula chitseko chimenecho. Tinauzidwa kuti tikhale momwemo. Kuti apolisi sakanatilola kutuluka, limenelo ndi lamulo la dziko lawo, sindikulimbana nalo. Ndinapita kwa bamboyo mwaulemu, ndinati: "Bambo, mayi angawa ndi odwala shuga, chiyambire dzulo sanadye chakudya chenicheni. Poti ku hotela sitingapite, mungatithandize bwanji muno?" Sanandiyang'ane n'komwe. Anayankha akudinadina foni kuti pasipoti yanga si vuto lake, ndipo ngati tili ndi njala sitolo itsegulidwa sikisi koloko. Nditabwerezanso, anakweza dzanja kumaso kwanga ngati akuimitsa minibasi, n'kuuza wapolisi kuti ndikusokoneza. Mayi anga anandikoka malaya n'kunena kuti, "Mwanawe, zisiye, angatimange kwa eni kuno." Mayi wa zaka 71 amene analipira tikiti yofanana ndi ya aliyense anagona pa benchi yachitsulo atafunda chitenje.

Abale amene mukuwerenga, tandiuzani, akanakhala mayi anu mukanatani? Udindo wosamalira anthu suthera pa mtundu wa pasipoti. Ngati hotela sitheka, chakudya chikanatheka, bulangete likanatheka, chipinda chopumuliramo cha m'bwalo momwemo chikanatheka, chifukwa ineyo ndinakalipira ndekha kutacha: mayuro 45 munthu mmodzi, awiri mayuro 90. Chakudya ndi madzi tsiku lonselo mayuro 46.80. Zonse pamodzi mayuro 136.80, malisiti ndili nawo, ndipo mulibemo mowa kapena chinthu chapamwamba choti muzembere. Lamulo limati kampani ikalephera kukusamalira, umadzigulira zoyenera ndipo imakubwezera. Bungwe loyang'anira za ndege ku Britain la Civil Aviation Authority limanena zomwezo.

Ndege ina inadzatitenga usiku wotsatira. Ku Lilongwe tinafika mochedwa ndi maola oposa 24. Achimwene anga anali atabwereka kale galimoto kuchokera kumudzi ku Ntcheu tsiku loyamba lija, anadikira pabwalo mpaka madzulo chifukwa panalibe wowauza chilichonse, anabwerera, ndipo mawa lake anabweranso. Ulendo wopita pachabewo unandidyera K240,000.

Tsopano m'kalata yanu mukuti simungalipire chipepeso chifukwa chinachitikacho chinali chinthu chachilendo chimene simukanatha kuchipewa. Ayi, akuluakulu. Ikanakhala mphepo yamkuntho, chifunga, kapena bwalo litatsekedwa ndi oyang'anira mlengalenga, bwenzi ndikungopempha za malisiti basi, chifukwa ngakhale pa nyengo yoipa chakudya ndi pogona zimakhalabe pa khosi panu, chimachoka ndi chipepeso chokha. Koma woyendetsa wanu analengeza kawiri, anthu tonse tikumva, kuti ndi chipangizo chawonongeka. Khoti la ku Ulaya linagamula kale mu 2008 kuti kuwonongeka kwa zipangizo kumene kumabwera m'ntchito ya tsiku ndi tsiku ya ndege si chinthu chachilendo, ndipo khoti la apilo la ku England linatsimikiza zomwezo mu 2014. Komanso si ine woyenera kupereka umboni. Ngati mukuti chinali chachilendo, ndinu muyenera kuonetsa kuti chinali chiyani ndiponso kuti munachitapo zotani. Kalata yanu sinatchule n'komwe chimene chinawonongeka.

Mwalembanso kuti ndege yachiwiri, yopita ku Lilongwe, sinanyamukire ku Britain, choncho lamulolo silikuikhudza. Tikiti inali imodzi, nambala ya ulendo imodzi. Pa tikiti yotere kuchedwa amakuyezera pamalo omaliza amene munthu akupita, osati pamene akusinthira, ndipo khoti la apilo lomwelo linanena zimenezi mu 2017 pa mlandu wokhudza makampani a kunja kwa Ulaya. Ulendo woposa makilomita 3,500, kufika mochedwa ndi maola oposa anayi, chipepeso chake ndi mapaundi 520 munthu mmodzi. Tinali awiri, ndiye kuti mapaundi 1,040. Inu mukundipatsa vocha ya 75. Vocha imalowa m'malo mwa ndalama pokhapokha mwiniwake atavomera ndi kusaina, ndipo ine sindinasaine, sindidzasainanso.

Za galimoto ija sindikuziika pa UK261. Zimenezo zili pa Pangano la ku Montreal la mu 1999, limene limati kampani ya ndege ilipire zimene munthu wataya chifukwa cha kuchedwa, pokhapokha itaonetsa kuti inayesetsa zonse zotheka. Tikiti yanga ndi yochokera ku London n'kubwereranso ku London, ndiye panganolo likuigwira, ndipo umboni wa ndalama imene ndinatumizira achimwene ndili nawo.

Musaganize kuti nditopa. Masabata asanu ndi atatu akakwana chilembereni kalata yanga yoyamba, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe lomva madandaulo limene munalowamo, kaya ndi AviationADR kaya CEDR, ndipo ngati simunalowe kulikonse ndipita ku Civil Aviation Authority. Zikakanika kumeneko tikaonana ku khoti la milandu ing'onoing'ono. Ku England kuno ndili ndi zaka 6 zosumira pa chipepeso, ziwiri pa za Montreal. Pa benchi paja tinasinthana manambala anthu ambiri ndithu, ndipo aliyense ndamutumizira ziwerengero zomwezi.

Inu amene mumapita kumudzi pa Disembala, sungani chiphaso chokwerera ndege ndi lisiti lililonse, lembani nthawi imene woyendetsa walengeza chifukwa cha kuchedwa ndi mawu amene wanena, ndiponso nthawi imene chitseko chatsegulidwa mutafika, chifukwa nthawi yofika amawerengera pamenepo, osati pamene matayala agunda pansi. Dziwaninso kuti pobwerera kuchokera ku Lilongwe lamulo la UK261 limakutetezani pokhapokha ndegeyo ili ya kampani ya ku Britain kapena ya ku European Union.

Akuluakulu, ndikufuna mapaundi 1,040, mayuro 136.80 ndi K240,000, ku akaunti yanga ya ku banki. Ndikufunanso kalata yopepesa yolembera mayi anga, osati ine, ndipo mundiuze chimene mwachita ndi bambo amene anandikwezera dzanja uja. Musandiuzenso kuti ndikulembereni kumbali, ndalemba katatu. Ndiyankheni pano.