Pempho la miswachi ndi mankhwala otsukira mano a ana a Sitandade 1 ndi 2

Makolo, mafumu, a mipingo ndi a mizikiti, eni magolosale ndi nonse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya sukulu yathu ya pulayimale kuno kumudzi m'boma la Lilongwe tikufuna kuti kuyambira teremu ikubwerayi, ana 320 a Sitandade 1 ndi 2 azitsuka mano pasukulu tsiku lililonse akangomwa phala. Kuchipatala chathu chaching'ono kulibe dokotala wa mano. Mwana dzino likamuvuta, kholo limasaka ya minibasi mpaka m'tauni, ndipo pofika kumeneko dzinolo limakhala loyenera kungozula basi.

Tasankha makalasi awiriwa chifukwa mwana akafika zaka 6 amamera mano akuluakulu anayi otafunira, kumapeto kwenikweni kwa mano aumwana. Manowa amamera popanda lina kuguluka, ndiye makolo ambiri timayesa nawonso adzaguluka. Ayi ndithu, amenewo ndi a moyo wonse, ndipo akangomera kumene ndi pamene amabowoka msanga, makamaka ndi maswiti ndi mafirizesi a pageti.

Chimene chimateteza dzino kwenikweni ndi fuloraidi wa m'mankhwala otsukira mano. Shuga akatsalira m'kamwa, tizilombo timamusandutsa asidi amene amadya chikutiro cholimba cha dzino, ndipo fuloraidi amathandiza kubwezeretsa pamene payamba kudyekapo. Choncho pogula, chonde tembenuzani chubu muone kumbuyo. Pakhale nambala ya pakati pa 1000 ndi 1500 yotsatana ndi zilembo ppm, ndipo tsiku lotha ntchito lisakhale pafupi. Chubu chopanda nambala imeneyi, ngakhale chinunkhire bwanji, sititha kuchigwiritsa ntchito.

Mwana mmodzi amafunika kadontho konga njere ya nandolo, pafupifupi kota ya galamu. Ana 320 ndiye kuti magalamu 80 patsiku, machubu anayi a magalamu 100 pasabata, machubu 52 pateremu ya masabata 13. Tikupempha 60, poti dzanja la munthu si sikelo. Miswachi tikufuna 350 pateremu, yaing'ono mutu ndi yofewa. Ya akuluakulu siyifika kumapeto kuja, ndipo yolimba imapweteka usinini.

Chaka chatha tinayesapo kwa milungu iwiri ndi miswachi ya munthu wina wachifundo, ndipo tinalakwitsa zinthu ziwiri. Tinasunga miswachi yonse m'ndowa imodzi, mitu ikukhudzana, moti tsiku lachitatu palibe mwana ankadziwa wake. Chachiwiri, ana akatsuka ankathamangira kumjigo kukachukucha m'kamwa, ife n'kumawayamikira kuti ndi aukhondo, osadziwa kuti akutaya fuloraidi yense asanagwire ntchito. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu ndi amene anatiwongolera: mwana atsuke mphindi ziwiri, alavule thovu, koma asachukuche.

Ulendo uno mphunzitsi kapena mayi wa m'gulu la amayi azidontheza mankhwala pambale yoyera motalikitsa madontho, mwana aliyense n'kutapa lake ndi mswachi, kuti kamwa la chubu lisakhudze mswachi wa aliyense. Ana aziima mizere ya makumi awiri m'mbali mwa kangalande kothira mchenga kolavuliramo. Akatha, aliyense azitsuka mswachi wake payekha ndi madzi oyenda a pachigubu, osati kuviika m'beseni limodzi, n'kuuimika mutu m'mwamba pabowo lake kuti uume. Apa m'pamene tikupempha akalipentala: matabwa 16 a mabowo 20, otalikirana kuti miswachi isagundane. Poti ana a Sitandade 1 ambiri sanayambe kuwerenga, pabowo ndi pamswachi tijambulapo chizindikiro chofanana, wina nsomba, wina khasu.

Makolo ena afunsa ngati fuloraidiyu si yemwe uja amathimbiriritsa mano kumadera ena monga ku Nathenje, kumene madzi a mijigo ina ali naye wochuluka. Funsoli n'lomveka. Mano amathimbirira mwana akamameza fuloraidi wambiri kwa zaka pamene mano akukula m'kati mwa usinini. N'chifukwa chake kadonthoko n'kakang'ono, chubu chimakhala ndi wamkulu, ndipo wamkuluyo amaonetsetsa kuti mwana walavula. Tapemphanso a zamadzi kuboma kuti adzayeze mjigo wathu.

Kutsuka sikutseka dzino lobowoka kale, komanso sikulowa m'malo mwa kutsuka kwa usiku kunyumba mwana asanagone. Mwana wotupa tsaya kapena wotuluka mafinya pausinini apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati pali dokotala wa mano, kapena ophunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences pamodzi ndi aphunzitsi awo, amene angatipatse m'mawa umodzi pateremu kudzaona m'kamwa mwa ana ndi kuphunzitsa amayi athu, ya mayendedwe komiti isonkha.

Thandizo lililonse, ngakhale chubu chimodzi, lisiyidwe ku ofesi ya ahedi, ndipo lilembedwa m'kaundula amene aziwerengedwa pamsonkhano wa makolo.

Ndife anu,
Komiti ya sukulu