Makina akane fomu, koma anene chimene chalakwika

A Mkonzi,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndine mlembi wa gulu la alimi a mbuzi kuno ku Ngabu, ndipo ndikulemba kalatayi mtima ukuwawa chifukwa cha chindapusa chimene gulu lathu lalipitsidwa pa mlandu wa mawu atatu a Chingerezi.

Owerenga anu akudziwa kale kuti maofesi ambiri adasiya kulandira mapepala pamanja. Ofesi imene timapereka lipoti lathu la pachaka nayonso idatiuza kuti zonse zizidutsa pa intaneti. Sitidakane. Kukwera minibasi mpaka ku Blantyre, kudutsa pa Thabwa ndi mapiri onse aja chifukwa cha envulopu imodzi, palibe amene amakukonda. Tsiku lomaliza lidali Lachisanu, ndipo ine ndidayamba Lachinayi madzulo, dzuwa litapepa, chifukwa masana a mwezi wa Novembala kuno foni imatentha m'manja mpaka kuzima yokha. Fomuyo imafuna dzina la gulu, nambala yolembetsera, maina a komiti ndi nambala za ziphaso zawo za unzika, kenaka zikalata zitatu zomatapo: satifiketi ya gulu, mfundo za msonkhano waukulu, ndi lipoti la chuma la masamba asanu ndi limodzi. Ndidajambula zikalatazo ndi foni nditaziyala pa mphasa, ndi kuzimata. Ntchito yonse idanditengera mphindi pafupifupi 40. Nditadina `Submit`, panatuluka mzere wofiira:

```
Error: Invalid attachment
```

Basi. Chikalata chiti mwa zitatuzo? Sadanene. Chalakwika ndi chiyani? Sadanene. Ndipo fomu yonse idafufutika, maina onse khumi ndi nambala zawo, kubwerera poyambira ngati sindidalembepo kanthu.

Mmawa wa Lachisanu ndidapita pa kashopu kena kojambula mapepala pa msika. Mnyamata wa pamenepo adayang'ana mafayilo anga nati, "Bambo, awa ndi ma JPG, maofesi amafuna PDF." Apo adanena zoona. Koma chimene adachita ndi kungosintha dzina: pamene padali `lipoti.jpg` adalembapo `lipoti.pdf`, nandilipiritsa. Ndidalembanso fomu yonse kachiwiri, ndi kudina. Mzere wofiira womwe uja, mawu omwewo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Mnyamatayo sindimuda, adachita zimene amadziwa. Ndimada uthenga umene sudathandize iye kapena ine kuona kuti tikadali panja.

Ndidakwera galimoto kupita ku Nchalo, kumene mayi wina ali ndi sikana yeniyeni. Mayi ameneyu ndiye adandiphunzitsa zimene ofesi ija idayenera kundiuza, ndipo ndizilemba pano kuti mlembi wina wa ku Bangula kapena ku Dyeratu asawononge thiransipoti ngati ine. Adatsekula fayilo yanga ija mu pulogalamu yolembera ya `Notepad`, nandiuza kuti ndiyang'ane mzere woyamba. Padali timalemba tosamveka, ndipo pakati pake mawu akuti `Exif`, chizindikiro cha chithunzi cha kamera. Kenaka adatsekula PDF yeniyeni, ndipo iyo idayamba ndi `%PDF-`. Adati, "Achimwene, mukalemba kuti shuga pa thumba la mchere, mcherewo susanduka shuga. Makina ena amakhulupirira dzina, koma awa amasuzumira m'kati." Kusintha dzina sikusintha fayilo. Pafunika kuisandutsa, kaya pojambula pa sikana ndi kusankha PDF, kaya potsekula chithunzi, kupita pa `Print` ndi kusankha `Save as PDF`, zimene ngakhale mafoni ambiri amatha.

Adajambula zikalata zonse bwinobwino, zamitundu, pa 300 dpi, ndiye kuti timadontho 300 pa inchi iliyonse, chidindo chooneka ngati chadindidwa lero. Ndidalemba fomu kachitatu pa kompyuta yake, wotchi ikuyandikira 3 koloko. Tidadina. A Mkonzi, mawu omwe aja. `Invalid attachment`. Tsopano mafayilo adali ma PDF enieni, ndiye chinanso n'chiyani? Ndidaimba nambala imene ili pansi pa tsambalo kasanu ndi kawiri, ikungoitana. Amati safunsa adadya phula, koma nanga wofunsa popanda womuyankha adye chiyani? Tili mkati moganiza, magetsi adazima, ndipo Lachisanu lidatha choncho.

Yankho ndidalipeza Loweruka kwa mlembi mnzanga wa gulu lina ku Nsanje, amene adavutikapo chaka chatha. Fayilo iliyonse isapitirire 2 MB. Malire amenewa sadalembedwe pafupi ndi batani lomatira, ali m'kabuku ka malangizo kamene munthu ayenera kukadziwa kaye kuti kaliko. Lipoti lathu la chuma lidali pafupifupi 9 MB.

Ndidabwereranso ku Nchalo, ulendo wachiwiri. Mayi uja adandifotokozera masamu ake, ndipo ndi osavuta. Pepala la A4 likajambulidwa pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 m'mimba mwake ndi 3508 m'litali mwake, ndiye kuti pafupifupi 8.7 miliyoni. Mukatsitsa kufika pa 150 dpi, mbali iliyonse imadulidwa pakati, ndipo timadontho timatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, pafupifupi 2.2 miliyoni. Mukasiyanso mitundu ndi kusankha `Grayscale`, fayilo imapepukirapo. Masamba asanu ndi limodzi aja adatsika kufika pa 1.3 MB, manambala onse akuwerengeka. Satifiketi yokha ndiyo idavuta. Idanyowa ndi madzi a namondwe Freddy mu Marichi 2023, tidachita kuiyanika pa denga, ndipo chidindo chake chidazilala. Pa 150 dpi chidindocho chimaoneka ngati banga la nkhungu. Mayiyo adaijambula payokha pa 200 dpi, ndipo poti ndi tsamba limodzi, idakwana popanda vuto. Tisadatumize, adakulitsa tsamba lililonse pa kompyuta kuti tione ngati siginecha ya tcheyamani ndi chidindo zikuoneka, chifukwa fayilo yopepuka koma yosawerengeka makina adzailandira lero, munthu nadzaikana mawa. Kachinayi fomu idalowa, nambala ya risiti idatuluka. Lidali Loweruka masana.

Lolemba tidalandira uthenga wakuti tachedwa ndipo tilipire chindapusa. Uthenga umenewu ndiye udali womveka bwino kwambiri: tsiku, chifukwa, kuchuluka kwa ndalama, ndi nambala ya akaunti, zonse mwatsatanetsatane. Izi ndi zimene zandikwiyitsa koposa. Ndiye kuti amatha kulemba zomveka akafuna. N'chifukwa chiyani luso limeneli limaoneka potolera ndalama pokha?

Taganizani, zolakwa zidali ziwiri zosiyana, mtundu wa fayilo ndi kukula kwake. Makinawo kuti akane adayenera kuyeza kaye. Adadziwa kuti fayilo yoyamba ndi chithunzi. Adadziwa kuti yachitatu ndi 9 MB pamene malire ndi 2 MB. Adadziwanso kuti ndi bokosi liti mwa atatu aja. Zonsezi zidali m'manja mwawo pa sekondi yomwe amandikana, koma amene adawakonza adasankha kuti onse okanidwa aziuzidwa mawu amodzi. Kalaliki wa pa kauntala, ngakhale wamwano chotani, amaloza ndi chala nati apa simudasaine. Tachotsa kalaliki ndi kuikapo chinthu chimene sichiloza n'komwe, ndiye tizitcha chitukuko? Ndipo kufufuta fomu yonse chifukwa cha chikalata chimodzi ndi nkhanza. Nambala ya chiphaso cha unzika ili ndi zilembo ndi manambala zosakanikirana zisanu ndi zitatu. Ine ndidalemba za anthu khumi kanayi, pa bandulo yogula ndi ndalama za gulu, ndalama zimene amayi amasonkha atagulitsa mbuzi.

Ndikufuna akuluakulu a ofesi imeneyi awerenge gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino. Limanena kuti munthu ali ndi ufulu wochitiridwa mwachilungamo ndi maofesi, ndiponso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Ine si loya, koma sindikuona kuti mawu atatu aja ndi chifukwa. Kukana lipoti la gulu ndi chigamulo, kaya wakana ndi bwana wa tayi kaya ndi kompyuta imene bwanayo adagula. Tilinso ndi lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti, ndipo ngati boma lidavomereza kuti zikalata za pa makina ndi zikalata ndithu, livomerezenso kuti kuyesa kwanga kwa Lachinayi ndi Lachisanu kudali kuyesa ndithu. Makinawo sadandipatse nambala iliyonse yosonyeza kuti ndidafika pakhomo nthawi isadakwane. Mwayi wake ndidajambula sikirini ya foni maulendo awiri, tsiku ndi nthawi zikuoneka pamwamba, ndipo zithunzi zimenezi ndaziphatikiza ku kalata yodandaula. Akapanda kuyankha, ndipita nazo kwa Ombudsman.

Aphungu athu a m'chigwa cha Shire, nkhaniyi ndi yanunso. Amene amakonza zinthu zimenezi amaziyesera mu ofesi yozizira, pa kompyuta yaikulu, intaneti ikuthamanga. Abwere adzayesere ku Chapananga. Adzayesere ku Makhanga nthawi ya dzinja, pamene munthu amawoloka ndi bwato kuti akapeze sikana. Ine ndili pafupi ndi msewu wa M1 ndipo zidanditengera masiku atatu, nanga mlembi wa kutsidya kwa Shire zimutengera angati? Anthu a kuno timalankhula Chisena ndi Chimang'anja, ambiri Chingerezi chathu ndi cha pulayimale, koma chilichonse chimabwera m'Chingerezi cha akatswiri a makompyuta. Madzi akasefukira timaonetsedwa pa kanema dziko lonse, koma pokonza njira zoperekera zikalata palibe amakumbuka kuti zikalata zathu zambiri zidanyowapo, ndi kuti magetsi akazima netiweki nayo sichedwa kutsatira.

Zofunika kukonza si zambiri. Alembe pambali pa batani lomatira kuti PDF yokha, osapitirira 2 MB. Uthenga wokana utchule chikalata ndi vuto lake, m'Chichewa momwe, mwachitsanzo kuti lipoti la chuma lakula, lili 9 MB. Zimene munthu walemba zisafufutike. Aliyense wokanidwa tsiku lomaliza lisadadutse apatsidwe nambala ndi masiku awiri okonzera popanda chindapusa. Ndipo foni ija wina aziiyankha.

Chindapusacho talipira, poopa kuti chingakwere. Tikufuna atibwezere.

Mlembi wa gulu la alimi a mbuzi,
Ngabu, Chikwawa